Mayunitsi akamatha mwezi usanathe: kuwerengera magetsi a pakhomo ndi kupeza kumene akuthera

M'nyumba zambiri zimene zili ndi mita yolipiriratu, dandaulo limakhala limodzimodzi mwezi ndi mwezi: mayunitsi amene anagulidwa malipiro atangotuluka atha pa 20 kapena pa 22, ndipo palibe amene akudziwa chimene chawamaliza. Kawirikawiri mlandu umagwera firiji, chifukwa ndi imene siizimitsidwa, kapena ana, chifukwa amaonera wailesi yakanema tsiku lonse, ndipo ena amafika pokayikira mita yeniyeniyo. Njira yothetsera mkangano umenewu ndi kulemba papepala chipangizo chilichonse chogwiritsa ntchito magetsi, mphamvu yake, ndi maola amene chimayaka pa tsiku, kenako kuyerekeza zotsatira zake ndi zimene mita ikuonetsa. Masamu ake ndi osavuta. Chovuta ndi chakuti pepala loyamba limene munthu amalemba nthawi zambiri siligwirizana ndi mita, ndipo ntchito yeniyeni imayambira pa kusiyana kumeneko.

Masamu ake

Yunitsi imodzi imene timagula ku ESCOM ndi imene pa mita ndi pa lisiti imalembedwa kuti kWh. Tanthauzo lake ndi magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimagwiritsa ntchito chikayaka ola limodzi lathunthu. Chipangizo cha mawati 2,000 chimamaliza yunitsi imodzi pa theka la ola, pamene babu la mawati 10 limafunika maola 100 kuti limalize yunitsi yomweyo. Choncho pa chipangizo chilichonse timachulukitsa mawati ndi maola a pa tsiku, kenako ndi masiku a pa mwezi, n'kugawa ndi 1,000.

```
kWh pa mwezi = W x maola pa tsiku x 30 / 1000
```

Ngati zipangizo zofanana zilipo zingapo, monga mababu, yankho limachulukitsidwanso ndi chiwerengero chake. Mphindi ziyenera kusandutsidwa maola musanayambe kuchulukitsa: mphindi 15 ndi 0.25, mphindi 30 ndi 0.5, ndipo mphindi 45 ndi 0.75. Munthu akalemba 15 pamene pamafunika 0.25, ketulo yokha imaoneka ngati ikudya mayunitsi 900 pa mwezi, ndipo pepala lonse limatayidwa. Pa zipangizo zimene sizigwira ntchito tsiku lililonse, monga ayironi, ndi bwino kuwerengera maola a pa mlungu, kugawa ndi 7, n'kupitiriza monga mwa nthawi zonse.

Pepala loyamba la banja lina

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi lokhala m'nyumba ya zipinda zitatu m'tauni, lopanda giza, limene limaphika pa hotipuleti ya mbale ziwiri komanso pa mbaula ya makala. Banjali limagula mayunitsi pafupifupi 200 pa mwezi, koma safika kumapeto.

Bambo wa pakhomopo akhala pansi n'kulemba motere. Mababu a LED amkati alipo 8, lililonse la mawati 9, ndipo amayaka maola 5 pa tsiku, zimene zikupereka mayunitsi 10.8 pa mwezi. Panja pali mababu awiri a mawati 15 amene amayaka usiku wonse, maola 12, ndipo nawonso akupereka 10.8. Wailesi yakanema ya mawati 70 imaoneredwa maola 6, ndiye kuti 12.6, ndipo dikoda ya mawati 15 ailembera maola 6 omwewo, ndiye kuti 2.7. Zonse zounikira ndi zoonera pamodzi sizikufika n'komwe mayunitsi 40.

Zotsalazo ndi zimene zili ndi manambala akuluakulu. Firiji yalembedwa mawati 120, ndipo popeza siizimitsidwa, aichulukitsa ndi maola 24 n'kupeza 86.4. Ketulo ya mawati 2,000 imawiritsa madzi katatu pa tsiku, mphindi 5 ulendo uliwonse, ndiye kuti 15. Ayironi ya mawati 1,200 imasita maola 3 pa mlungu, pafupifupi 15.4 pa mwezi. Hotipuleti ailembera mbale yaikulu yokha, ya mawati 1,500, kwa ola limodzi, poganiza kuti zambiri zimaphikidwa pa makala, ndipo apeza 45. Akawonkhetsa zonse akupeza mayunitsi pafupifupi 199.

Pepala limeneli likuoneka lokhutiritsa chifukwa likufanana ndi zimene amagula, ndipo likuloza firiji kuti ndi imene ikudya pafupifupi theka la magetsi onse. Koma ngati likanakhala loona, mayunitsi 200 akanamafika kumapeto kwa mwezi.

Funsani mita musanakhulupirire pepala

Musanasinthe kalikonse papepala, pezani kaye chiwerengero chenicheni. Lembani mayunitsi otsala pa mita nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, monga 6 koloko m'mawa, kwa mlungu wathunthu kuti Loweruka ndi Lamlungu alowemo, popeza masiku amenewa ndi a kuchapa, kusita ndi kuphika kwambiri. Mukagula tokeni mkati mwa mlunguwo, lembani mayunitsi amene mwalowetsa kuti muwaphatikize. Lembaninso tsiku limene magetsi anazima ndi kutalika kwake, chifukwa mlungu wa kuzimazima kwa magetsi umapereka chiwerengero chotsika chimene sichikuimira mwezi wabwinobwino.

Yerekezani mayunitsi ndi mayunitsi, osati ndalama. Mtengo wa yunitsi umasintha bungwe la MERA likavomereza mitengo yatsopano, ndipo pa ndalama zimene mwapereka pangachotsedwe msonkho kapena ngongole yakale, kotero kuti ndalama zofanana sizigula mayunitsi ofanana chaka ndi chaka. Munthu amene akunena kuti kale ndalama zakutizakuti zinkamufikitsa kumapeto kwa mwezi angakhale akunena zoona, koma vuto lake lingakhale pa lisiti, osati pa zipangizo za m'nyumba.

Banja lathu lija lapeza kuti pa masiku 7 mayunitsi 56 apita. Amenewa ndi mayunitsi 8 pa tsiku, kapena 240 pa mwezi. Pepala likunena 199, mita ikunena 240, ndipo mayunitsi 200 pa liwiro limeneli amatha pa tsiku la 25. Kusiyana kwa mayunitsi 41 kukuoneka kochepa, koma tiona kuti pansi pake pabisala zolakwika zikuluzikulu ziwiri zimene zikuphimbirana.

Zipangizo zimene zimadzizimitsa zokha

Firiji imakhala yolumikizidwa maola 24, koma injini yake siigwira ntchito maola 24. Mkati mukazizira mokwanira, kachipangizo koyeza kutentha, kamene amisiri amakatchula kuti themositati, kamazimitsa injiniyo, ndipo imadzayambanso mkati mukayamba kufunda. Mukakhala chete kukhitchini mumamva kulira kwake kukuyamba ndi kusiya. Nambala ya mawati imene yalembedwa ndi ya nthawi imene injini ikulira yokha. Kuti mudziwe maola enieni, khalani pafupi ndi wotchi kwa ola limodzi kapena awiri masana, muchitenso chimodzimodzi usiku, ndipo mulembe mphindi zimene injini yalira. Firiji yabwinobwino imalira gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi, kapena kufika theka kukatentha. Ya banja lija ikulira mphindi 25 pa ola, ndiye kuti maola 10 pa tsiku, ndipo mayunitsi ake pa mwezi ndi 36, osati 86.4. Mafiriji ena atsopano amabwera ndi kapepala kosonyeza kWh za pa chaka. Nambala imeneyo mukaigawa ndi 12 mumapeza poyambira pabwino, ngakhale kuti m'madera otentha ngati Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Karonga firiji imadya koposa pamenepo.

Kuyeza kumeneku kumaululanso matenda a firiji. Ngati injini siikusiya kulira ola lonse, pamenepo 86.4 uja angakhale woona, ndipo chifukwa chake chiyenera kufufuzidwa. Tsekerani kapepala pachitseko n'kukakoka: kakatuluka mosavuta, labala wa pachitseko watha ndipo mpweya wofunda ukulowa. Onaninso ngati madzi oundana aunjikana kwambiri mkati, ngati firiji yagunda khoma kotero kuti kumbuyo kwake sikupita mphepo, kapena ngati yaikidwa pafupi ndi pophikira. Zonsezi zikakhala bwino koma injini osapuma, n'kutheka kuti mpweya woziziritsa watha kapena themositati yafa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Ayironi nayo imachita chimodzimodzi. Kagetsi kake kakayaka ndiye kuti ikukoka magetsi, ndipo kakazima ndiye kuti yatentha mokwanira ndipo siikukoka kanthu. Pa maola 3 a kusita, imakoka magetsi pafupifupi theka la nthawiyo, choncho mayunitsi ake ndi pafupifupi 7.7 m'malo mwa 15.4.

Dikoda ili ndi vuto losemphana ndi limeneli. Anthu amazimitsa wailesi yakanema ndi rimoti n'kukagona, koma dikoda imatsala yoyaka, ndipo zambiri mwa izo zimadya pafupifupi mofanana ngakhale zizimitsidwe ndi rimoti. Mukaigwira m'mawa n'kupeza kuti ndi yofunda, dziwani kuti yagwira ntchito usiku wonse. Maola ake ndi 24, osati 6, ndipo mayunitsi ake ndi 10.8. Lamulo lomwelo likhudza chipangizo cha intaneti ya m'nyumba, alamu, ndi chilichonse chimene chimakhala ndi kagetsi koyaka usana ndi usiku. Njira yachidule yowerengera zinthu zoterezi ndi yakuti wati imodzi yoyaka mosalekeza imamaliza mayunitsi 0.72 pa mwezi, kotero kuti mawati 50 a tizipangizo tosazimitsidwa amafanana ndi firiji yachiwiri.

Tikakonza zitatuzi, pepala la banja lija latsika kuchoka pa 199 kufika pafupifupi 149. Kusiyana ndi mita kwakula kufika pa mayunitsi 91, kapena atatu pa tsiku. Apa ambiri amagwa mphwayi poona ngati akubwerera m'mbuyo, koma zoona zake n'zakuti nambala yabodza ya firiji inali kubisa dzenje limene tsopano laonekera.

Kumene mayunitsi ambiri amapita

M'nyumba zambiri, zipangizo zotenthetsa ndi zimene zimadya kwambiri: hotipuleti, kuka, giza, ketulo, hita ndi uvuni. Chifukwa chake n'chakuti madzi amafuna mphamvu yambiri kuti atenthe. Kukweza kutentha kwa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna pafupifupi 1.16 Wh, kapena mayunitsi 0.00116, kotero kuti ndowa ya malita 20 yotenthetsedwa kuchoka pa madigiri 20 kufika 45 imafuna mayunitsi pafupifupi 0.6, ndipo pa hotipuleti, pamene kutentha kwina kumathawira m'mbali mwa poto, imafika pafupi ndi yunitsi yathunthu. Ndowa imodzi ya madzi osamba ingadye koposa mababu onse khumi a nyumba ija pa tsiku lonse. Pa zipangizo zoterezi, kulakwitsa ndi ola limodzi pa tsiku kumasintha yankho la mwezi ndi mayunitsi 30 mpaka 60, pamene kulakwitsa ola limodzi pa babu sikusintha ngakhale yunitsi imodzi. N'chifukwa chake nthawi yofufuza iyenera kuthera kukhitchini ndi kubafa, osati pa kuwerenga machaja a foni, amene onse pamodzi samaliza mayunitsi opitirira awiri kapena atatu pa mwezi.

Maola a kukhitchini sayenera kulembedwa ndi munthu amene saphika. Ikani pepala ndi cholembera pafupi ndi hotipuleti kwa masiku atatu kapena anayi, ndipo aliyense woyatsa alembe nthawi imene wayatsa, imene wazimitsa, mbale imene wagwiritsa ntchito, ndi nambala imene waika pa chopotokola. Ziyenera kunenedwa poyera kuti cholinga si kupeza wolakwa, chifukwa wantchito kapena mwana akaona ngati akuzengedwa mlandu amalemba zochepa, kapena amasiya kuyatsa pa masiku amenewo okha.

Pa banja lija, pepala la kukhitchini laonetsa kuti mbale yaikulu imayatsidwa m'mamawa kutenthetsa madzi osamba a ana asukulu, imayatsidwanso masana ndi madzulo pophika nsima, ndipo zonse pamodzi zikukwana maola awiri pa mphamvu yonse. Mbale yaing'ono, ya mawati 1,000, imene papepala loyamba sinalembedwe n'komwe, imaphika phala ndi ndiwo, ndipo tsiku la nyemba imakhala yoyaka maola atatu. Mbale ikaikidwa pa nambala yapakati siikoka mphamvu yonse, choncho maola atatu otere tingawawerengere ngati ola limodzi ndi theka kapena awiri. Pa mlungu wonse, mbale yaing'onoyo ikukwana ola limodzi ndi theka pa tsiku. Ndiye kuti mbale yaikulu ikudya mayunitsi 3 pa tsiku, yaing'ono 1.5, zonse pamodzi 135 pa mwezi m'malo mwa 45. Pepala tsopano lafika pafupifupi 239, pamene mita ikunena 240.

Pa nyumba yeniyeni manambala sagwirizana bwino chotero, ndipo palibe chifukwa chowakakamiza. Pepala likasiyana ndi mita ndi mayunitsi 10 pa 100 alionse kapena kucheperapo, ntchito yatheka. Chofunika ndi chimene laonetsa: hotipuleti yokha ikudya koposa theka la magetsi a nyumbayo, pamene firiji, imene inali pafupi kumazimitsidwa usiku uliwonse, ikudya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri.

Nyumba yokhala ndi giza iyenera kuwerengera mosiyana pang'ono, chifukwa maola a giza saoneka ndi maso. Ndi bwino kuyambira pa madzi. Giza ya malita 150 yotenthetsa madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika 60 imafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya mawati 3,000 imatenga maola awiri ndi mphindi 20 kuti itero. Ngati banja limagwiritsa ntchito malita 100 a madzi otentha pa tsiku, amenewo ndi mayunitsi pafupifupi 4.7, kuwonjezerapo yunitsi imodzi kapena awiri amene amatayika chifukwa thankiyo imazizira yokha ikangokhala. Pa mwezi, giza yotere imafika pakati pa 170 ndi 200. Mpopi wa madzi otentha umene ukudontha, kapena paipi ya padenga imene ikutulutsa madzi ofunda mosalekeza, zimachititsa kuti elementi izingoyaka, ndipo zimenezi sizioneka papepala lililonse.

Mawati olembedwa molakwika

Nthawi zina maola amakhala olondola koma nambala ya mawati ndi imene yatengedwa pamalo olakwika. Nambala yoyenera imapezeka pa kapepala kapena kachitsulo kamene kamamatidwa kumbuyo kapena kunsi kwa chipangizo, osati pa zilembo zikuluzikulu za pa katoni. Pa katoni ya babu la LED pangalembedwe 9W ndi 60W. Nambala yaing'onoyo ndi imene babu limadya, ndipo yaikuluyo ikungonena kuti limawala ngati babu lakale la mawati 60. Pa masipika, nambala zikuluzikulu zotsatana ndi zilembo za PMPO ndi zokopera ogula ndipo sizikhudzana ndi magetsi amene chipangizocho chimakoka. Maikulowevu yolembedwa 700W kutsogolo ikunena za mphamvu yotenthetsera chakudya, pamene imene imakoka pa soketi imapitirira mawati 1,000 ndipo imalembedwa kumbuyo pafupi ndi mawu akuti Input.

Zipangizo zina sizilembedwa mawati koma maampu, ndi chilembo cha A. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a mavoti 230, choncho maampu amachulukitsidwa ndi 230: chipangizo cha 0.5A chimakhala cha mawati 115. Pa zotenthetsa yankho limeneli ndi lolondola, koma pa zipangizo zokhala ndi injini, monga firiji, fani ndi pampu, komanso pa machaja, limakhala lokwera kuposa zenizeni, ndipo liyenera kutengedwa ngati malire a pamwamba. Chaja ya laputopu yolembedwa 65W imafika pamenepo pokhapokha batire ikakhala yopanda moto. Ikadzaza, imakoka zochepa kwambiri.

Mita yeniyeniyo ingakuuzeni mawati a chipangizo chimene kapepala kake kanafufutika. Mamita ambiri ali ndi kagetsi kofiira kamene kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kamaphethira ka 1,000 pa yunitsi iliyonse. Zimitsani zonse m'nyumba, yatsani chipangizo chimodzi chokha, ndipo werengani masekondi a pakati pa kuphethira kumodzi ndi kotsatira.

```
W = 3600000 / (imp/kWh x masekondi)
```

Pa mita ya 1000 imp/kWh, zimenezi zikungotanthauza kugawa 3,600 ndi masekondiwo. Kuphethira kamodzi pa masekondi 36 alionse ndi mawati 100, ndipo kamodzi pa masekondi 2.4 ndi mawati 1,500. Kagetsi kakamaphethira mofulumira, werengani nthawi ya kuphethira ka 20 n'kugawa ndi 20. Njira yomweyi imayesa mita: ketulo yolembedwa mawati 2,000 iyenera kuphethiritsa kagetsi pafupifupi masekondi 1.8 alionse. Kagetsiko kakachedwerapo pang'ono musadabwe, makamaka madzulo pamene anthu ambiri akuphika, chifukwa mavoti akatsika kufika 200 chipangizo chotenthetsa chimangopereka magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake, ndipo chimatenga nthawi yaitali kuti chimalize ntchito yomweyo. Koma kakamaphethira mofulumira kuwirikiza kawiri pamene ketulo ili yokha, pamenepo pali chifukwa chomveka chokayikira kuti mwina pali china chimene chikukoka magetsi mobisika, kapena mita ili ndi vuto.

Pepala likakana kugwirizana ndi mita

Ngati maola ndi mawati zakonzedwa koma mita ikupitirirabe pepala ndi mayunitsi ambiri, yesani usiku. Lembani mayunitsi otsala nthawi ya 10 koloko, aliyense atagona, ndipo muwerengenso 5 koloko m'mawa munthu asanayatse kalikonse. Pa nyumba ija, m'maola 7 amenewa muyenera kuyaka mababu awiri apanja, dikoda ndi firiji basi, ndipo zonse pamodzi zikukwana pafupifupi mayunitsi 0.7. Mita ikaonetsa kuti mayunitsi awiri apita, ndiye kuti pali chinthu chokoka mawati pafupifupi 190 usiku wonse chimene sichili papepala. Nthawi zambiri chimakhala chinthu choiwalika: firiji yachiwiri kusitoro, babu lakale la mawati 100 kuseri kwa nyumba kapena kukhola la nkhuku, fani ya kuchipinda cha ana, pampu ya madzi imene ikudziyatsa chifukwa thanki ikudontha, kapena nyumba ya antchito imene inalumikizidwa ku mita yomweyo.

Kuti mudziwe mbali ya nyumba imene ili ndi vuto, pitani pa bokosi la maswichi. Zimitsani zipangizo zonse ndi kuzula mapulagi, kenako tsitsani mabuleka onse n'kumakweza imodziimodzi uku mukuyang'ana kagetsi ka pa mita kwa mphindi zingapo. Buleka imene ikuyambitsa kuphethira pamene palibe chimene chalumikizidwa ndi imene ili ndi nkhani: mwina pali chipangizo cholumikizidwa mwachindunji, monga giza, mwina waya wina wapita kwa oyandikana nawo, kapena waya wasupuka ndipo magetsi akuthawira pansi. Zizindikiro za vuto lomalizali ndi khoma kapena mpopi wogwedeza munthu akaugwira, soketi yofunda, kapena fungo la pulasitiki wopserera, ndipo zikaoneka, buleka imeneyo ikhale yotsitsa kufikira mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka atabwera. Ngati mwatsitsa swichi yaikulu ndipo mayunitsi akupitabe, vuto lili pa waya wa pakati pa mita ndi bokosilo kapena pa mita yeniyeniyo. Pamenepo kanenani ku ESCOM mutatenga pepala la mawerengedwe anu a mlungu wonse, ndipo musatsegule mita kapena kudula chidindo chake, chifukwa kutero ndi mlandu komanso n'koika moyo pachiswe.

Nyumba zokhala ndi inveta ndi mabatire zili ndi msampha wake. Magetsi akazima, mababu ndi wailesi yakanema zimapitiriza kuyaka ndipo mita imaima, koma akabwera, mabatire amakokanso zonse zimene anapereka kudzera pa mita yomweyo, kuphatikizapo zina zotayika pochaja ndi potembenuza magetsi. Choncho maola a kuzima kwa magetsi sachotsedwa papepala la nyumba yotere, ndipo inveta yeniyeniyo iyenera kukhala ndi mzere wake chifukwa imadya magetsi ngakhale palibe chimene chayatsidwa. Firiji ndi giza nazonso sizipulumutsa zambiri magetsi akazima maola ochepa, popeza akangobwera zimagwira ntchito nthawi yaitali kubwezeretsa kuzizira kapena kutentha kumene kunatayika.

Pamene mabanja angapo a lendi akugawana mita imodzi, pepala lomweli limathandiza kugawa ndalama mwachilungamo kuposa kuwerenga mitu ya anthu kapena zipinda. Munthu wokhala yekha amene amaphika ndi kutenthetsa madzi pa hotipuleti angadye koposa banja la anthu asanu lophika pa makala. Banja lililonse lilembe zipangizo zake onse akuona, mayunitsi a banja lililonse agawidwe ndi chiwonkhetso cha onse, ndipo gawo limene lapezekalo ndi limene banjalo lizipereka pa tokeni iliyonse.

Pepala la mwezi umodzi si la chaka chonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi a pampopi amakhala ozizira, anthu ambiri amasamba otentha, ndipo hita ya mawati 2,000 yoyaka maola atatu madzulo alionse imawonjezera mayunitsi 180, amene ndi magawo atatu mwa anayi a magetsi onse a nyumba ija. Mu Okutobala ndi Novembala injini ya firiji imalira nthawi yaitali, ndipo mafani awiri a mawati 50 oyaka maola 10 amawonjezera mayunitsi 30. Ana akatsekera sukulu, kapena kukabwera alendo, kapena makala akakwera mtengo n'kuchititsa kuti nyemba zisamukire pa hotipuleti, maola amasintha ngakhale palibe chipangizo chatsopano chimene chagulidwa. Mawati amalembedwa kamodzi, koma maola a zipangizo zotenthetsa ndi a firiji ayenera kuyezedwanso nyengo ikasintha, ndipo mlungu umodzi wowerenga mita m'mawa uliwonse ndi wokwanira kuonetsa ngati pepala lakale likugwirabe ntchito.